Timipanda pa Dzina la Tiwale

Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinkadzitama, pakamwa ndi mumtima momwe, kuti mwana wodwala sangandidutse m'maso. Dzina langa ndi Elube Kachiwanda. Ndimagwira pa kachipatala kakang'ono ka bungwe lina kuno ku Chinsapo, ndipo amayi a m'derali amanditchula kuti adokotala. Sindinawaletsepo. Munthu ukayenda m'matope zaka zonsezo, dzina lokoma limodzi silingakuphe.

Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse timakhala ndi sikelo ya ana. Amayi amayamba kufika dzuwa lisanawawe, ana kumbuyo, timabuku ta kuchipatala m'majumbo. Mavolontiya awiri amapachika sikelo pa mtanda wa khonde, wina kuveka mwana kabudula wa sikelo uja, wina kuwerenga muvi ndi kulemba m'buku lalikulu. Ana amafika zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu, ena akulira, ena akukodzera kabudulayo, ndipo palibe amene amapeza mpata woti aime n'kuganiza. Kuganiza kumachitika mawa lake, pa kompyuta. N'chifukwa chake mwezi uliwonse, anthu asanabalalike, ndimaima pa sitepe n'kulengeza mawu omwewo: "Amayi, amene mwana wake watsika sikelo, ndimupeza kwawo sabata isanathe. Mukaona zii, dziwani kuti mwana ali bwino."

Kompyutayo inabwera chaka chatha pamodzi ndi mwini wake, Vitu Munthali. Vitu ndi mtsikana wa ku Rumphi, anakulira ku Area 25, ali ndi dipuloma ndi zala zothamanga. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa manambala athu onse n'kuwatumiza ku boma mwezi ukatha. Ndi iye anandikonzera tsamba langa mu Ekiselo, pulogalamu ija ya timabokosi. Mzere uliwonse wopingasa ndi mwana mmodzi. Mizere yotsika, imene Vitu amati makolamu, ili ndi zilembo pamwamba: A ndi dzina, B ndi tsiku la sikelo, C ndi kulemera kwa mwezi watha, D ndi kulemera kwa mwezi uno. Mu E kompyuta imachotsera yokha, D kuchotsa C. Mwana akatsika, nambala ya mu E imabwera ndi kamzere kutsogolo, mainasi. Ine ntchito yanga ndi kupulinta tsambalo, kutsika ndi chala mu E, ndi kuzunguliza ndi bolopeni yofiira paliponse pali mainasi. Amenewo ndiwo ana amene ndimawayendera.

Kunena zoona, ndinkaiopa kompyutayo, koma sindinafune kuti wina adziwe.

Mu Sepitembala inandichititsa manyazi koyamba. Nditalemba masiku a sikelo mu B, m'malo mwa masikuwo munangoti mbwee tizizindikiro tija timadina pomaliza tikamalowetsa mayunitsi pa foni, #######, kuyambira pamwamba mpaka pansi ngati timipanda ta bango. Ndinakuwa. Ndinati vayirasi yadya ntchito yanga yonse, ndipo ndinali nditagwira kale chingwe cha magetsi kuti ndizule isanafalikire.

Vitu anabwera akuthamanga, anayang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amayi Kachiwanda, siyani chingwecho! Palibe chasowa apa. Tadinani kabokosi kamodzi. Mwaona pamwambapa, pa kampata kataliko? Tsiku lanu ndi ili, lili bwinobwino. Kungoti kolamu yachepa. Mwezi watha mumalemba August, dzina lalifupi, limakwana. September ndi wamtali."

Anatenga mausi, naika kamuvi pa kamzere kolekanitsa B ndi C pamwamba penipeni, nadina kawiri mofulumira. Kolamuyo inatambasuka yokha, masiku onse balamanthu. Anandionetsanso kuti ungathe kugwira kamzere komweko n'kukakokera kumanja mpaka pomwe ukufuna. Titayesa kupulinta tinapeza kuti tsamba lakula, E yagwera pa pepala lachiwiri. Ndiye anasintha kalembedwe ka tsikulo, fomati monga amanenera iye, kuti lizioneka la manambala okhaokha, 04/09/24, nabweza kolamuyo pomwe inali. Zonse zinakwana pa pepala limodzi.

"Nanga bwanji mayina akatalika sachita timipanda?" ndinafunsa, pofuna kuoneka ngati ndikutsatira.

"Dzina likaduka, mumadziwabe kuti ndi la ndani," anatero Vitu. "Koma nambala ikaduka imanama. Tiyerekeze mwana akulemera 10.5, kabokosi n'kuonetsa 0.5 yokha. Ndiye kompyuta imakana kuonetsa theka. Imangoti, ndipatseni malo kaye."

Zimenezo ndinazikonda. Zimene sindinakonde ndi zoti pa nkhomaliro Vitu anafotokozera anthu nkhani ya chingwe, akuyerekeza mmene ndinakuwira. Sanachite mwa nkhanza, ndikudziwa, ana a masiku ano kuseka n'kudya kwawo. Koma Rodgers, dalaivala wa galimoto ya bungwe, anaitola. Kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji amayi a vayirasi?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkawawa. Ine amene ndinalandira ana a anthu m'manja Vitu asanamere mano! Ndinalumbira chamumtima kuti za timipanda sindidzafunsanso munthu.

Sikelo ya Febuluwale inachitika mvula ikuwaza. Ndi mwezi umene ufa umatha m'nyumba zambiri, ndipo mainasi amachuluka. Lachinayi m'mawa ndinakhala pa kompyuta ndi buku lalikulu lonyowa m'mphepete, n'kuyamba kulemba. Ndikamalemba sindiyang'ana ana, ndimayang'ana zala zanga. Pa mzere 47 dzanja linaphonya, tsiku la sikelo ndinalilemba mu E m'malo mwa B, pamwamba pa masamu a Vitu. Ndinaona msanga. Ndinafufuta ndi batani lofufutira, ndinayang'ana mzere wa pamwamba mmene masamuwo analembedwera, ndipo ndinalemba ndekha, =D47-C47. Ndinadzimva kuti ndine katswiri. Nditamaliza kulemba kulemera kwa ana onse n'kubwerera pamwamba, ndinapeza kuti pa E47, pokhapo, pali timipanda.

Sindinatekeseke. Ndinaika kamuvi pakati pa E ndi F n'kudina kawiri monga anandiphunzitsira. Timipanda tinakhalabe. Ndinagwira kamzereko n'kukoka. Kolamu inakula, koma timipanda tinangochulukira kudzaza malo atsopanowo. Ndinakoka mpaka kolamuyo inatenga theka la sikirini, ndipo kabokosiko kanali timipanda kuyambira uku mpaka uko. Ndinadina kabokosiko kuti ndione pamwamba, koma pamenepo panangooneka masamu anga aja, osati yankho.

Vitu anali pomwepo, pa tebulo la pawindo, akudya chitumbuwa. Ndikanangotembenuza khosi. Koma pakhomo panali Rodgers atatsamira chitseko akudikira mvula kuti ikate, ndipo ndinamva kale m'makutu mwanga moni watsopano umene akanandipangira. Ndinadziuza kuti timipanda si vuto, Vitu yemwe ananena kuti palibe chimasowa, nambala imakhala ilimo. Ndinabweza kolamuyo mwakachetechete pomwe inali, ndinapulinta, n'kutenga bolopeni yanga yofiira. Ndinazunguliza mainasi khumi ndi anayi. Pa mzere 47 chala changa chinadumpha.

Ana khumi ndi anayiwo ndinawayendera onse, mmodzi mmodzi, m'matope mpaka m'mawondo. Atatu ndinawatumiza ku chipatala chachikulu, ena tinawalemba kuti azilandira chiponde. Ndinagona tulo tabwino, ndipo za mzere 47 ndinaiwaliratu.

Patapita masabata atatu, Lachinayi lomaliza la mwezi, Vitu anatsegula tsamba langa kuti atenge manambala a lipoti. Ine ndinali kuseri ndikulongedza makatoni a katemera.

"Amayi Kachiwanda, tabwerani kaye. Apa pali timipanda tanu tija."

"Kolamu yachepa basi," ndinayankha ndisanafike n'komwe.

"Ayi. Ndakulitsa, sitikuchoka." Mawu ake sanali oseka. Nditaima kumbuyo kwake anaika kamuvi pa kabokosiko osadina, ndipo panatuluka kauthenga kakang'ono ka Chingerezi. "Ikuti tsiku kapena nthawi ikakhala ya mainasi, kapena yaikulu mopitirira, imaoneka chonchi. Kabokosi aka kakudziona ngati n'ka tsiku. Munalembamo deti nthawi ina?"

"Mwina," ndinatero.

"Ndiye chimenecho. Mukalemba deti m'kabokosi kopanda fomati yake, kamasanduka ka deti. Mukafufuta, chimachoka ndi cholembedwacho, koma fomati imatsala. Ndiye nambala iliyonse ikabwera, kamafuna kuionetsa ngati tsiku. Ikakhala yoposa ziro kamapeza tsiku lina lake lachilendo n'kuonetsa. Koma ikakhala ya pansi pa ziro, palibe tsiku lotero pa kalendala yake. Olo mukulitse kolamu mpaka ku Likuni, timipanda sitichoka."

Ndikuganiza kuti anamva zimene wanena nthawi yomweyo imene ine ndinazimva. Anadina kumanja kwa mausi, nasankha pamene palembedwa Format Cells, nachotsa pa Date n'kuika pa Number, nambala imodzi kuseri kwa kadontho. Atadina OK, timipanda tinachoka.

Panatsala -0.8.

Ndinayang'ana kumanzere. Tiwale Sandifolo, wamkazi, chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Mu C munali 8.4. Mu D munali 7.6, nambala imene ndinailemba ndi zala zanga. Manambala awiriwo anali pomwepo tsiku lija, moyandikana, poyera, ndipo mwana wa Sitandade 4 akanachotsera pamtima. Ine ndinathera mphindi khumi ndikukoka kolamu, maso ali pa timipanda ndi pa chitseko pamene panali Rodgers. Dzina la mwanayo sindinaliwerenge n'komwe. Kwa khanda la msinkhu umenewo, kutaya pafupifupi kilo m'mwezi umodzi si nkhani yodikira masabata atatu.

"Buku lalikulu likuti amakhala kuti?" ndinafunsa. Ndinatembenuza masamba ndekha. Volontiya anali atalemba kuti: mayi ake ndi Zipora, kuseri kwa chigayo cha a Idi, kabuku ka mwana n'katsopano, kakale kananyowa. Apo ndinamvetsa chifukwa chake pa sikelo sanaone kanthu. Kabuku katsopano kanalibe kulemera kwa miyezi ya m'mbuyo, kotero malo okhawo amene manambala awiriwo anakumana anali pa tsamba langa.

Ndinatenga chikwama ndi ambulera. Vitu anatseka kompyuta n'kunditsatira, atavala tinsapato take ta mu ofesi.

"Iwe tsala, lipoti likudikira."

"Lidikira," anatero.

Ku Chinsapo kulibe nambala ya nyumba imene ingakuthandize. Umayenda ndi zizindikiro: chigayo, tchalitchi cha malata abuluu, mtengo wa mapeyala, bambo wokonza njinga. Tinadutsa pamsika, tinalumpha ngalande ziwiri zodzaza madzi ofiira, tinalowa m'tinjira tothina ta pakati pa mipanda ya njerwa zosawotcha. Vitu anaterereka kawiri. Kachitatu ndinamugwira mkono, ndipo sindinausiye msanga.

"Ndinationa timipanda tija," ndinatero, maso ali kutsogolo. "Tsiku lomwe lija. Ndinakulitsa kolamu, tinakana. Iwe unali pawindo."

Vitu anatembenukira kwa ine.

"Bwanji simunandiitane?"

"Unandiseka mu Sepitembala."

Nditazitulutsa pakamwa zinamveka zazing'ono kwambiri, zachibwana, moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mayi wa zidzukulu ziwiri, kuopa kusekedwa ndi dalaivala! Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula limeneli sindinadye ndine. Ndinadyetsa mwana wa eni.

"Pepani," anatero Vitu. "Sindinadziwe kuti zinakuwawani. Komanso ndinakuuzani theka lokha. Ndinati timipanda ndi kuchepa kwa malo basi, za fomati ya deti sindinanene. Ndipo kolamu ija ndikanaiika pa Number kuyambira pachiyambi, deti yanu sikanaisintha."

Ankafuna kundisenzerako katundu, ndipo ndinamuthokoza mumtima, koma ndinkadziwa mbali imene inali yanga.

Kuseri kwa chigayo tinapeza nyumba ya zipinda zitatu za lendi. Chipinda cha kumapeto chinalibe khoma limodzi, njerwa zitasungunuka n'kukhala mulu wa dothi, denga litapendekera. Pakhonde la chipinda chapakati panali mayi akusanja tomato pa tebulo, ndipo anatiuza kuti dzina lake ndi Zuhra.

"Amake Tiwale? Anasamuka, adokotala. Khoma linagwa ndi mvula ija ya Lamulungu lapitalo, mwayi anali kutchalitchi. Panopa akukhala kwa alamu awo kumunsi uko."

"Mwana ali bwanji?"

"Aa, kamwana kaja kanali kofooka, kankatsegula m'mimba. Koma dzana ndinakumana nawo pa kiyosiki ya madzi, akuti kayamba kunenepa."

Vitu anapumira m'mwamba, nkhope yake n'kumasuka. Ine sindinamasuke. Mwana amene watsika chonchija, m'mwezi wa njala, nyumba itagwa, sanenepa pa masabata atatu. Ndinafunsa njira mwachangu: kutsika mpaka pa kiyosiki, kukhotera kumanzere pa mulu wa mchenga, geti la nsungwi. Tikuyenda ndinaimbira Rodgers kuti abweretse galimoto pa kiyosikipo, pomwe msewu umathera. Anayamba moni wake uja, koma atamva mawu anga anaumeza.

Zipora tinamupeza akuchapa m'beseni kuseri kwa nyumba. Anali mtsikana wamng'ono kuposa Vitu, wowonda, chitenje chitamangidwa pamwamba pa diresi yonyowa. Atandiona anapukuta manja mofulumira n'kugwada pang'ono, nkhope yonse ili mwee.

"Adokotala! Mwatipeza bwanji kuno? Takulandirani. Tiwale, taona alendo!"

Mwanayo anali pa mphasa m'mthunzi wa khoma. Sanatembenuke. Anakhala phee, manja ali pa miyendo, akuyang'ana pansi ngati nkhalamba yotopa. Tsitsi lake linali lapatalipatali, lofiirira. Mikono kumtunda inali yoonda, koma masaya anali otukuka, ndipo mapazi anali onenepa, osalala, owala.

"Mwaona?" anatero Zipora monyadira. "Anandiopsa mwezi watha, amangokana phala. Koma onani miyendoyo tsopano. Thupi likubwerera."

Ndinagwada pa mphasapo. Ndinagwira mapazi onse awiri, n'kukanikiza ndi zala zazikulu pamwamba pake, ndikuwerenga chamumtima mpaka katatu. Nditachotsa, panatsala maenje awiri, ndipo sanabwerere. Tiwale analira pang'ono, kulira kopanda mphamvu, osakoka n'komwe phazi.

"Amake Tiwale," ndinatero, "uku si kunenepa. Ndi madzi. Thupi la mwana likasowa chakudya chokwanira nthawi yaitali limayamba kutupa chonchi. Tengani kabuku kake, zovala ziwiri ndi kapu. Tikupita kuchipatala chachikulu pompano."

"Pompano? Koma zochapazi ndi za eni ake…"

"Ndimaliza ine," anatero mayi wina amene anatuluka m'nyumba, amene ndinaganiza kuti ndi mlamu wakeyo. Anali ataona nkhope yanga.

Vitu ndiye ananyamula mwana mpaka pa kiyosiki, atavula nsapato zake n'kuzipatsa ine. Rodgers anayendetsa mosamala pa mabampu, akuyang'ana pa galasi kawirikawiri.

Ku wodi ya ana osowa zakudya m'thupi anatilandira msanga. Namwino anakanikiza mapazi monga ndinachitira ine, anayeza mkono, anayeza kutentha, anamubaya chala kuona shuga, kenako anamufunditsa bulangete n'kubweretsa mkaka wawo uja wa m'kapu, woyamba pang'onopang'ono. Ndinamufunsa pambali mmene akuonera. Anati kutupa sikunafike m'manja, mwana akumeza yekha, ndipo ambiri otere amachira akagonekedwa. Anafunsa kuti mwanayu anapezeka liti kuti watsika sikelo.

"Pa 5 Febuluwale," ndinayankha.

Namwinoyo anayang'ana kalendala ya pakhoma, anandiyang'ana ine ndi yunifolomu yanga, n'kulemba tsikulo.

Vitu ndi Rodgers anabwerera ku ntchito. Vitu anati akakonza kolamu yonse ya E kuti ikhale ya manambala, ndipo akayang'ana masamba a miyezi yonse ya m'mbuyo ngati mulinso timipanda tina. Ine ndinatsala. Dzuwa linali litapendeka, likulowa pa mawindo a wodi, ndipo amayi ena anali atakhala pa mabedi ndi ana awo, aliyense ndi kapu yake. Zipora anakhala m'mphepete mwa bedi, Tiwale ali pamiyendo, akumumwetsa kadontho kadontho monga anamuonetsera. Mantha anali atamutsikako, ndipo anayamba kulankhula.

"Mulungu akudalitseni, adokotala. Kuyenda mtunda wonse uja kufuna ife, anthu osamukasamuka. Ena sakanatero." Anapukuta pakamwa pa mwana ndi nsonga ya chitenje. "Mukudziwa, tsiku la sikelo lija ine ndinamva m'manja kuti mwanayu wapepuka. Mayi umadziwa. Ndiye ndinati adokotala abwera ndithu. Ndinasesa pabwalo Lachinayi, Lachisanu. Ndinabwereka mpando kwa amayi a tomato aja kuti mukafika musakhale pansi ndi yunifolomu. Ku maganyu sindinapite masiku atatu, kuopa kuti mungandiphonye." Anaseka pang'ono, modzinyoza. "Sabata itatha ndinabweza mpandowo. Ndinati, iwe Zipora, ndiwe wamantha chabe, sikelo yaona kuti mwana ali bwino. Ndinasangalala, adokotala. Ndinagona."

Ndikanatha kungogwedeza mutu. Iye sakanadziwa, ndipo akanapita kwawo akunditamanda kwa aliyense pa kiyosiki. Mawu oti kompyuta inalakwitsa anali okonzeka pa lilime langa, ndipo akanawakhulupirira, chifukwa aliyense amadziwa kuti makina amalakwitsa. Koma kompyuta ija sinaname. Inakana kuonetsa chinthu chimene sinkatha kuchionetsa bwino, inaika chizindikiro poyera kuti pano pali kanthu, ndipo munthu amene anaona chizindikirocho ndi ine.

"Amake Tiwale, sikelo inaona kuti mwana watsika. Inaona tsiku lomwe lija. Pa pepala langa, pa dzina lake, nambala sinaoneke bwino, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa mnzanga kuti andithandize. Ndinalidumpha. Mukanayenera kubwera kuno masabata atatu apitawo, mapaziwa asanatupe. Wolakwa ndine."

Kapu inaima m'malere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene akuwerenga chinthu cholembedwa patali.

"Lachisanu lija," anatero pang'onopang'ono, "ndinakuonani mukudutsa pa chigayo. Munalowa kwa amake Pemphani."

"Eya. Pemphani anali pa mndandanda."

"Ndinaimirira pakhomo. Ndinati mukatuluka kumeneko mubwera kwathu." "Ndiye pepala lija linali m'chikwama mwanumo? Ndi dzina la Tiwale?"

"Linali m'chikwama mwanga."

Anagwedeza mutu kamodzi. Sanandithokozenso, ndipo sananditukwane. Anatembenukira kwa mwana wake, nakweza kamutu kake ndi mkono, n'kuikanso kapu pa milomo. Mkaka wina unatsikira m'khosi, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndipukute, koma iye anafulumira kupukuta yekha.

"Imwa, mwanangu," anatero. "Imwa, tinachedwa."